Galafu ya x³/(x² − 4) yandiluzitsa malikisi 11: ndinalakwitsa pati?

Mwana_wa_Dedza

Moni nonse a pagulu pano. Ine ndili m'chaka choyamba cha maphunziro a uinjiniya kuno ku Joni, ndipo sabata yatha anatibwezera mapepala a mayeso a kalikyulasi. Funso lalikulu linali lojambula galafu ya f(x) = x³/(x² − 4). Linali ndi malikisi 20, koma ine ndinapeza 9 okha. Chimene chikundipweteka mtima n'chakuti maderivetivu onse awiri ndinawapeza molondola, ndipo wochonga anavomereza. Yoyamba ndinapeza f′(x) = x²(x² − 12)/(x² − 4)², yachiwiri ndinapeza f″(x) = 8x(x² + 12)/(x² − 4)³. Kenaka ndinalemba kuti galafuyi imakhota pa malo atatu, pa x = 0, pa x = 2√3 ndi pa x = −2√3, kuti ikutsika kuyambira pa −2√3 mpaka pa 2√3, ndiponso kuti malo a infulekishoni ndi atatu, pa −2, pa 0 ndi pa 2. Kuyambira pamenepo mpaka kumapeto, pepala lonse lafiira ndi bolopeni. M'mbali mwake wochonga anangolemba liwu limodzi lofunsa za domeni, chonsecho domeniyo ndinailemba pamzere woyamba weniweni, kuti x sangakhale 2 kapena −2. Pepalali ndaliyang'ana usiku uwiri m'chipinda changa ku Rosettenville, koma sindikuona chimene ankafuna. Chonde amene mumadziwa zimenezi ndithandizeni, ndipo mundiuze dongosolo loyenera kutsatira.

WakuMangochi

Achimwene, pitani mukadandaule. Ngati maderivetivu ali olondola ndiponso domeni munalemba, sakanayenera kukudulani malikisi oposa theka.

MphunzitsiWakale

Ndikupempha kuti asanapite kukadandaula tiyambe taliona bwino pepalalo, chifukwa ine ndikuona kuti wochonga sanalakwe. Mwana_wa_Dedza, domeni munailembadi, koma mutailemba munaisiya pamzere woyamba n'kupitirira nokha. Domeni si yankho la kafunso kamodzi kamene munthu amayankha n'kuiwala. Manambala awiriwo, −2 ndi 2, akudula mzere wa manambala m'zigawo zitatu zosakhudzana, ndipo chilichonse chimene mudzanene pambuyo pake, kaya ndi kukwera, kutsika kapena kupindika, muyenera kuchinena pa chigawo chilichonse pachokha. Galafu yanu si chingwe chimodzi, koma ndi nthambi zitatu, ndipo pensulo iyenera kunyamuka papepala kawiri.

Tiyeni titenge zimene munalemba zakuti galafu ikutsika kuyambira pa −2√3 mpaka pa 2√3. Ngati fankishoni ikutsika pa chigawo china, ndiye kuti mukasankha ma x awiri alionse m'chigawomo, wamkuluyo ayenera kupereka y wocheperapo. Yesani x = 1 ndi x = 3, amene onse ali m'kati mwa chigawo chanucho. Pa x = 1 mukupeza 1 kugawa ndi −3, kutanthauza −1/3. Pa x = 3 mukupeza 27 kugawa ndi 5, amene ndi 5,4. Mwasunthira kumanja, koma y wakwera kuchoka pansi pa ziro kufika pamwamba pa 5. Choncho chiganizo chanucho n'chabodza, ngakhale kuti derivetivu ndi negativu pa x = 1 komanso pa x = 3. Chachitika n'chakuti pakati pa manambala awiriwo pali phompho pa x = 2, pamene nthambi ina yagwera pansi kopanda malire ndipo ina yayambira kumwamba kopanda malire. Lamulo lakuti derivetivu ikakhala negativu ndiye kuti fankishoni ikutsika limagwira ntchito pa chigawo chosaduka chokha. Yankho loyenera n'lakuti galafu ikutsika pa (−2√3; −2), ikutsikanso pa (−2; 2), ikutsikanso pa (2; 2√3), zigawo zitatu zolembedwa padera, ndipo ikukwera pamene x ali wochepera −2√3 ndi pamene x ali woposa 2√3.

Mwana_wa_Dedza

Zikomo kwambiri aphunzitsi, za 1 ndi 3 zanditsegula m'maso. Nanga ndikanalumikiza zigawo zitatuzo ndi chizindikiro cha ∪, zikanakhala bwino?

MphunzitsiWakale

Ochonga ena amalola, koma ine sindilola, chifukwa chizindikirocho chimasonkhanitsa zigawo zitatuzo kukhala gulu limodzi, ndipo 1 ndi 3 akhalanso m'gulu limodzi lomwelo. Lembani mawu akuti "ndi" pakati pake.

NaPhiri_Turffontein

Pepani kulowerera, ine ndine kholo chabe, koma mwana wanga wamkazi akulemba matiriki chaka chino ndipo madzulo alionse ndimakhala naye pathebulo akamachita masamu amenewa. Iwo anawaphunzitsa mosavuta. Amapeza derivetivu yoyamba n'kuiyerekeza ndi ziro kuti apeze pokhotera, kenaka yachiwiri n'kuiyerekezanso ndi ziro kuti apeze infulekishoni, ndipo zimatha pomwepo. Dzulo anachita g(x) = x³ − 6x² + 9x. Anapeza pokhotera pa (1, 4) ndi pa (3, 0), ndipo infulekishoni anaipeza pa (2, 2), pakatikati penipeni pa malo awiriwo. Sanalembepo za domeni ngakhale pang'ono, ndipo aphunzitsi ake anachonga zonse. Kodi mwina achimwene athuwa sakudzivutitsa ndi zinthu zosafunika?

Mlonda_wa_Usiku

Amayi, mwana wanu sanalakwitse, koma funso lake ndi la mtundu wina. Fankishoni yake ilibe nambala yam'munsi, choncho palibe x amene angachititse kuti agawe ndi ziro, ndipo galafu yake ndi chingwe chimodzi kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Ine ndimaphunzira mwa makalata, ndipo ndimawerenga usiku ndili pantchito ya ulonda ku Sandton. Pamene ndinachoka pa makyubiki a Giredi 12 kupita ku mafankishoni okhala ndi x m'munsi, ndinagwa chimodzimodzi ngati mnzathuyu. Njira ya matiriki yopezera infulekishoni imagwira ntchito nthawi zonse pa kyubiki chifukwa derivetivu yachiwiri ya kyubiki ndi mzere wowongoka, monga 6x − 12 wa mwana wanuyo, ndipo mzere wopendekeka ukadutsa pa ziro suchitira mwina koma kusintha chizindikiro. Chizolowezicho chimatilowa m'magazi, n'kuyamba kuganiza kuti ziro ndiye infulekishoni. Mumuuze mwana wanu kuti chaka chamawa, akakapitiriza masamu, adzakumana ndi mafankishoni amene derivetivu yachiwiri imafika pa ziro koma osasintha chizindikiro.

NaPhiri_Turffontein

Ndamva, ndipo ndimuonetsa zimenezi. Koma mundipatseko chitsanzo chimodzi chosavuta choti akachione ndi maso ake.

Mlonda_wa_Usiku

Ajambule y = x⁴. Derivetivu yachiwiri ndi 12x², imene ndi ziro pa x = 0, koma kumanzere ndi kumanja komwe ndi pozitivu. Galafuyo ndi mbale yogona chagada mbali zonse ziwiri, ndipo pa ziro pali tsinde la mbaleyo, osati infulekishoni.

Injiniya_Germiston

Ine ndikufuna kubwerera ku maasimputoti, chifukwa Mwana_wa_Dedza simunatchule zimene munalemba pamenepo, ndipo ndikukayikira kuti malikisi ena anapita apa. Oimirira ndi osavuta, x = 2 ndi x = −2. Wogona palibe, chifukwa mphamvu ya x yam'mwamba ndi 3 pamene yam'munsi ndi 2. Ena anganene kuti pali wopendekeka, y = x, koma ine sindikuvomereza. Galafuyi imadutsa pa (0; 0), ndipo mzere wa y = x umadutsanso pa (0; 0). Chiyambire kusekondale tinaphunzira kuti asimputoti ndi mzere umene galafu imauyandikira koma osaukhudza. Ngati zikukumana, mzerewo sungakhale asimputoti.

Mwana_wa_Dedza

Zoonadi achimwene, ndinalemba oimirira awiri okha, ndipo ndinanena kuti wogona palibe n'kusiyira pomwepo. Wochonga anajambula mzere wodukizadukiza wopendekeka pa galafu yanga. Sindinamvetse kuti wauchotsa kuti.

MphunzitsiWakale

A Injiniya_Germiston, pa oimirira ndi pa wogona mwanena zoona, koma pa wopendekeka ndikusiyana nanu. Mawu akuti galafu siikhudza asimputoti timawamva tikamaphunzira haipabola, monga y = a/(x + p) + q imene ana amaphunzira mu Giredi 11 kuno, ndipo pa haipabola mawuwo ndi oona. Vuto n'lakuti timawatenga ngati tanthauzo la asimputoti, pamene ndi khalidwe chabe la galafu imodziyo. Asimputoti yogona kapena yopendekeka imanena za zimene galafu imachita kutali kwambiri, x akamakula kopanda malire kumanja kapena kumanzere. Zimene zikuchitika pafupi ndi ziro ilibe nazo ntchito.

Mzerewo umachokera pa kugawa. Mphamvu yam'mwamba ikaposa yam'munsi ndi imodzi yokha, gawani yam'mwamba ndi yam'munsi monga timagawira manambala aatali kupulayimale. x³ kugawa ndi x² − 4 kukupereka x, ndipo kukutsala 4x. Choncho f(x) = x + 4x/(x² − 4). Kachidutswa kachiwiriko ndiko mpata umene uli pakati pa galafu ndi mzere wa y = x. Pa x = 10, galafu ili pa 1000 kugawa ndi 96, pafupifupi 10,42, ndipo mpata ndi 0,42. Pa x = 100, galafu ili pa 100,04, ndipo mpata watsala 0,04 yokha. Mpatawo ukunka nuchepa kulinga ku ziro, ndipo zimenezi n'zokwanira kuti mzerewo utchedwe asimputoti. Pa x = 0 kachidutswako ndi ziro ndendende, n'chifukwa chake nthambi yapakati ikudula mzerewo pa (0; 0). Palibe kutsutsana kulikonse.

Kachidutswa komweko kamakuuzaninso mbali imene galafu ikuyandikira mzerewo, chinthu chimene ophunzira ambiri amangoponyera. x akaposa 2, 4x ndi pozitivu ndipo x² − 4 ndi pozitivu, choncho nthambi yakumanja ili pamwamba pa mzere nthawi zonse. x akachepera −2, 4x ndi negativu pamene x² − 4 ndi pozitivu, choncho nthambi yakumanzere ili pansi pa mzere. Ndionjezerenso kuti mukadagawa poyamba, derivetivu yachiwiri ikadakhala yopepuka, chifukwa x yekhayo amazimirira mukamudiferenshiyeta kawiri, ndipo mukadalimbana ndi 4x/(x² − 4) yokha. Pa mayeso zimenezi zimapulumutsa mphindi zingapo.

Injiniya_Germiston

Za mpata wochepa pa 10 ndi pa 100 sindingazikane. Ndavomera kuti y = x ndi asimputoti. Komabe pa yoimirira ndikuimabe pa mawu anga, kuti galafu singaidule.

MphunzitsiWakale

Pa mafankishoni a mtundu uwu, a polinomiyo pamwamba ndi polinomiyo pansi, mukunena zoona, chifukwa pa x ameneyo fankishoni ilibe yankho.

Nyasa_Yeoville

Ndikufuna kuchenjeza za chinthu china pa maasimputoti oimirira, chifukwa ine chinandigwetsa chaka chatha. Si nambala iliyonse yoletsedwa mu domeni imene imabala asimputoti. Ife anatipatsa h(x) = (x² − 4)/(x − 2), ndipo ine ndinangoona x − 2 m'munsi n'kujambula mzere woimirira pa 2. Koma x² − 4 ndi (x − 2)(x + 2), choncho x − 2 akufafanizika, ndipo chotsala ndi mzere wowongoka wa y = x + 2 wokhala ndi kabowo pa (2; 4). Kuyambira pamenepo ndimayamba ndaika nambala yoletsedwayo m'mwamba. Ikapereka nambala yosakhala ziro, ndimadziwa kuti pali asimputoti. Ikapereka ziro, ndimafakitalaiza ndisananene chilichonse. Pa funso la mnzathuyu, x³ pa 2 ndi 8, pa −2 ndi −8, choncho onse awiri ndi maasimputoti enieni.

Chachiwiri, kutchula mzere wokha sikukwanira, muyeneranso kuona mbali zake ziwiri. Ine sindiloweza malamulo, ndimangoyesa manambala oyandikira. Pa x = 1,9 yankho ndi pafupifupi −17,6, ndipo pa x = 2,1 ndi pafupifupi 22,6. Ndiye kuti kumanzere kwa 2 galafu ikugwera pansi, kumanja kwake ikuchokera kumwamba. Za pa −2 sindivutika kuwerengera, chifukwa f(−x) = −f(x), kutanthauza kuti mukazunguliza pepala theka la mzungulo mozungulira (0; 0), galafu imabwerera mmene inalili. Choncho pa −1,9 ndi 17,6 ndipo pa −2,1 ndi −22,6.

WakuMangochi

Koma abale, n'chifukwa chiyani tikuvutika chonchi pamene foni iliyonse ingathe kutsegula Desmos kapena GeoGebra n'kujambula galafuyi nthawi yomweyo? Ngakhale kakyuleta ya Casio ili ndi `TABLE`, imene amalola m'chipinda cha mayeso. Munthu amangoika manambala kuyambira −5 mpaka 5, n'kulumikiza timadontho.

Mlonda_wa_Usiku

Ndayesa zimene mukunenazo pa kakyuleta yanga pompano, ndi mpata wa 1 pakati pa manambala. Pa 2 ndi pa −2 ikulemba `ERROR`, chimene ndi chithandizo ndithu. Koma taonani kumanja: pa 3 ikupereka 5,4, pa 4 ikupereka 5,33, pa 5 ikupereka 5,95. Wolumikiza timadontho adzaika tsinde la chigwa pa x = 4, chifukwa ndiye nambala yochepa kwambiri pa tebulopo. Koma tsinde lenileni lili pa 2√3, pafupifupi 3,46, pamene y ndi 3√3, pafupifupi 5,20. Pa x = 4 galafu yayamba kale kukwera, popeza f′(4) ndi 4/9. Tebulo silingakuonetseninso kuti pa (0, 0) galafu imagona kaye isanapitirire kutsika. Foni ndi yabwino poyesera yankho kunyumba mukamaliza, koma m'mayeso amafuna zifukwa, ndipo amafuna 2√3, osati 3,5.

WakuMangochi

Ndamva za tsinde la chigwalo. Komabe ine ndipitiriza kugwiritsa ntchito tebulo poyesera, chifukwa linandipulumutsa kangapo pamene ndinasokoneza chizindikiro.

Mwana_wa_Dedza

Poyesera ndikugwirizana nanu. Koma ndibwerere ku funso langa, chifukwa patsala zinthu ziwiri. Choyamba, pa x = 0 derivetivu yoyamba ndi ziro, ndiye n'chifukwa chiyani sipokhotera? Chachiwiri, ndinapanga tebulo la zizindikiro za f″, ndipo chizindikiro chikusinthadi pa −2, pa 0 ndi pa 2. A Mlonda_wa_Usiku anena kuti chofunika ndi kusintha kwa chizindikiro. Nanga bwanji wochonga anafafaniza awiri n'kusiya mmodzi?

MphunzitsiWakale

Mafunso onse awiri ndi abwino, ndipo ndiyamba ndi loyamba. Yang'anani f′(x) = x²(x² − 12)/(x² − 4)² chidutswa ndi chidutswa. Cham'munsi ndi sikweya, choncho sichingakhale negativu. x² wam'mwamba nayenso sangakhale negativu. Chidutswa chokhacho chimene chingasinthe chizindikiro ndi x² − 12, ndipo chimasintha pa 2√3 ndi pa −2√3 pokha. Pafupi ndi ziro, x² − 12 ndi negativu mbali zonse ziwiri: f′(−1) ndi −11/9, ndipo f′(1) ndi −11/9 yemweyo. Ndiye kuti galafu ikutsika isanafike pa ziro, ikugona kwa kanthawi pa ziro penipeni, kenaka ikupitirira kutsika. Zili ngati msewu wotsika phiri umene uli ndi kamalo kosalala pakati, galimoto siyamba kukwera chifukwa cha kamaloko. Pokhotera pamafunika kuti kutsika kusanduke kukwera, kapena kukwera kusanduke kutsika. Zimenezi zikuchitika kawiri kokha. Pa (2√3, 3√3) pali tsinde la chigwa, ndipo pa (−2√3, −3√3) pali nsonga ya kaphiri. Musadabwe kuti nsongayo ili pansi kuposa tsinde la chigwa. Zili pa nthambi zosiyana, ndipo iliyonse imayerekezedwa ndi malo oyandikana nayo okha.

Dziwaninso kuti njira yoyesera ndi derivetivu yachiwiri sikanakuthandizani pa ziro, chifukwa f″(0) = 0, ndipo ikatero njirayo imangokhala chete, siinena kuti ndi nsonga kapena chigwa kapena china. Pamalo otere mumabwerera ku zizindikiro za derivetivu yoyamba.

Tsopano lachiwiri. Tebulo lanu la zizindikiro linali lolondola. Mu f″(x) = 8x(x² + 12)/(x² − 4)³, chidutswa cha x² + 12 ndi pozitivu nthawi zonse, choncho chizindikiro chimadalira x ndi (x² − 4)³, amene ali ndi mphamvu ya 3 ndipo amasunga chizindikiro cha x² − 4. Kumanzere kwa −2, f″ ndi negativu, ndipo galafu ili ngati mbale yovundikira. Pakati pa −2 ndi 0 ndi pozitivu, mbale yogona chagada. Pakati pa 0 ndi 2 ndi negativu, yovundikira. Kumanja kwa 2 ndi pozitivu, yachagada. Kupindika kukusinthadi katatu. Koma infulekishoni ndi kadontho kamene kali pa galafu, kokhala ndi x wake ndi y wake. Ndikufunseni: pa x = 2, y ndi chiyani? Palibe. Simungaloze ndi pensulo malo amene kupindikako kwasinthira, chifukwa nthambi ina yatha ndipo ina yayamba, osakumana. Apa ndi pamene wochonga analemba liwu lake lija. Kusintha kwa chizindikiro n'kofunika, monga ananenera a Mlonda_wa_Usiku, koma pafunikanso kuti fankishoni ikhalepo pamalopo ndipo isaduke. Ndi (0, 0) yekha amene akukwaniritsa zonse ziwiri.

Taonani tsono kuti kadontho kamodzi ka (0, 0) kasenza zinthu zinayi: ndi pamene galafu ikudula maakisisi onse awiri, ndi pamene tanjenti yagona, ndi infulekishoni, ndiponso ndi pamene ikudula asimputoti yopendekeka. Ndikuganiza kuti wolemba funsoli anasankha fankishoniyi mwadala chifukwa cha kadontho kameneka.

Nyasa_Yeoville

Aphunzitsi, nanga dongosolo limene anapempha poyamba paja? Inu mumayamba ndi chiyani n'kumaliza ndi chiyani?

MphunzitsiWakale

Pamene ndinkaphunzitsa kumudzi, ndiponso panopa ndikamathandiza ana Loweruka ku Yeoville, ndimawauza kuti asanagwire derivetivu iliyonse ajambule mzere wa manambala n'kuika mizere yoimirira iwiriiwiri pa manambala oletsedwa. Mizere imeneyo aitsitse mpaka pansi pa pepala, kuti tebulo la f′ ndi tebulo la f″ akhale pansi pa mzere womwewo wa manambala ndipo onse adulidwe pa malo omwewo. Pambuyo pa domeni ndimafuna podulira maakisisi ndi kufanana kwa mbali, chifukwa kufananako kumachepetsa ntchito ndi theka. Kenaka maasimputoti, aliyense ndi mbali zake ziwiri. Derivetivu yoyamba imabwera pambuyo pa zonsezi, yachiwiri n'kutsatira. Pojambula, maasimputoti ndiwo amayamba kulowa papepala, kenaka timadontho todziwika, ndipo nthambi zimabwera pomaliza, imodzi ndi imodzi.

Chimene ndimaumirira kwambiri n'chakuti magawowa azichitirana umboni. Tengani nthambi yakumanja. Asimputoti yoimirira ikuti nthambiyo ikuchokera kumwamba pa 2. Derivetivu yoyamba ikuti ikutsika mpaka pa 3,46 kenaka ikukwera. Yachiwiri ikuti ndi mbale yachagada njira yonse. Kachidutswa kotsala kaja kakuti ili pamwamba pa y = x. Mboni zinayizi zikugwirizana. Mukadapeza kuti nthambiyo ikuchokera kumwamba koma tebulo lanu likuti ikukwera kungoyambira pa 2, mukadadziwa kuti mwasokoneza chizindikiro penapake, chifukwa chinthu chochokera kumwamba kopanda malire sichingayambe ndi kukwera.

Injiniya_Germiston

Pali chimodzi chimene sindikugwirizana nacho pa kalembedwe. Mwalemba (2; 2√3) ndi mabulaketi ozungulira mbali zonse. Pa 2 ndikumvetsa, popeza sali mu domeni. Koma 2√3 ali mu domeni, ndipo malinga ndi tanthauzo limene inu nomwe munapereka, la kuyerekeza ma x awiri, fankishoni ikutsika mpaka pa 2√3 penipeni. Ife anatiphunzitsa kutseka pamenepo, (2; 2√3].

MphunzitsiWakale

Malinga ndi tanthauzolo, mukunena zoona, ndipo kutseka si kulakwa. Ine ndinazolowera kutsegula chifukwa ndimalemba pamene f′ ali negativu, ndipo pa 2√3 ndi ziro. Mabuku amasiyana pa zimenezi.

Mlonda_wa_Usiku

Ine ndimatsatira mmene buku la kosi yathu lalembera, chifukwa wochonga amatsatira lomwelo. Koma ndikuvomereza kuti mfundo ya a Injiniya ndi yolimba kuposa chizolowezi changa.

NaPhiri_Turffontein

Ndifunseko chaching'ono. Ife kwathu tinkalemba (2, 2) ndi koma pakati, ndipo 5.4 tinkalemba ndi kadontho. Mwana wanga amalemba (2; 2) ndi 5,4. Kodi ndimukonze?

Nyasa_Yeoville

Musamukonze amayi. M'sukulu za kuno koma amaimira desimali, n'chifukwa chake pakati pa x ndi y amaikapo semikoloni, kuti zisasokonezane. Akalemba (3,46, 5,20) palibe angawerenge.

Mwana_wa_Dedza

Ndajambulanso galafu ija m'mawa uno ndili m'takisi yopita m'tauni, ndipo ndinaimalizira kulaibulale. Ndinayamba ndi mizere yodukizadukiza itatu, x = −2, x = 2 ndi y = x. Nthambi yakumanzere ikukwera pansi pa y = x, ikufika pansonga pa (−3,46; −5,20), kenaka ikugwera pansi pafupi ndi −2. Yapakati ikuchokera kumwamba, ikudutsa pa (−1, 1/3), ikugona pa (0, 0), ikudutsa pa (1, −1/3), n'kugwera pansi pafupi ndi 2. Yakumanja ndi yakumanzere yomwe ija itazunguliridwa. Nditayerekeza ndi pepala la mayeso, ndaona kuti pa galafu yakale ndinalumikiza nthambi yapakati ndi zam'mbali ndi timizere todutsa maasimputoti, ndipo sindinazindikire. Kukadandaula sindipitanso.

Koma ndakumana ndi china m'mafunso a sabata ino. Pa y = ∛x, derivetivu yachiwiri ilibe yankho pa x = 0, chimodzimodzi ngati pa 2 m'funso langa lija, ndipo chizindikiro chikusintha, pozitivu kumanzere, negativu kumanja. Kodi apa ndikane infulekishoni monga wochonga anakanira pa 2?

Mlonda_wa_Usiku

Ayi achimwene, musakane. Funsani funso la aphunzitsi lija: pa x = 0, y ndi chiyani? Apa yankho lilipo, ndi 0, ndipo galafu siiduka. Chimene chilibe yankho ndi derivetivu, osati fankishoni. Tanjenti yaima chilili pamalopo, ndipo kupindika kukusintha kuchoka pa chagada kupita pa kuvundikira. Buku lathu limawerengera (0, 0) ngati infulekishoni.

Injiniya_Germiston

Pa ∛x ndikuvomereza, chifukwa tanjenti ilipo ngakhale yaimirira. Koma nanga galafu ikakhala ndi ngodya yakuthwa pamalo amene kupindika kukusinthira, moti tanjenti palibiretu? Tengani fankishoni imene ili x² pamene x ali wochepera kapena wofanana ndi 1, ndipo ili √x pamene x ali woposa 1. Siiduka pa (1, 1), kumanzere ndi yachagada, kumanja ndi yovundikira, koma kupendekeka kukudumpha kuchoka pa 2 kufika pa 1/2. Ine ndinganene kuti si infulekishoni.

MphunzitsiWakale

Apa napo mabuku sagwirizana. Ena amangofuna kuti galafu isaduke ndipo kupindika kusinthe, ndipo kwa iwo (1, 1) wanuyo ndi infulekishoni. Ena amaonjezera kuti pakhale tanjenti, ndipo kwa iwo sichoncho. Ine ndimatsamira ku mbali yanu a Injiniya, koma sindingamudule mwana malikisi ngati walemba momveka kuti galafu siiduka, kupindika kwasintha, ndipo pali ngodya. Mwana_wa_Dedza, tsegulani buku la kosi yanu pa mutu wa kupindika kwa galafu, mutiuze ngati tanthauzo lake likutchula tanjenti kapena ayi.

Mwana_wa_Dedza

Bukulo ndinabwereketsa mnzanga wa ku Hillbrow, ndipo abweza Lachinayi. Ndikalilandira ndidzakopera chiganizo chonsecho pano mmene chalembedwera.